Sofa ya anthu atatu sinakwane mu foni

Anzanga ojambula makanema muno mu Mzuzu, lero ndili ndi mawu, ndipo ena a inu sakukomerani. Kasitomala akati, "Ndikufuna kanema mmodzi woti ndiike pa YouTube, pa Facebook komanso pa Status," musamavomere msangamsanga n'kumati tikaonera pokonza. Malo atatuwa ndi mafulemu atatu osiyana: wogona, wa sikweya ndi woimirira. Pofika pa kompyuta madzi amakhala atatayika kale. Nkhani imeneyi imathera pa pepala, kamera ili m'chikwama. Ine inandiphunzitsa ndi sofa.

Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno kuli pachimake, pamene bambo wina wokhoma mipando ku Luwinga anandiitana kuti ndiwapangire kanema wamalonda wa masekondi 30. Sikiripiti tinalembera limodzi pa benchi. Inali yosavuta: mwamuna ndi mkazi wake akhala pa sofa ya anthu atatu, wina uku wina uku, akuyamikira kufewa kwake, kenako mmisiri akulowa n'kunena kuti, "Onani masofa onse atatuwa." Ndinajambula chogoneka kamera, 16:9, pa 1920 x 1080. Pa laputopu kanemayo anali wokoma zedi. Mawa lake bambo aja anaimba foni.

"Achimwene, mwana wanga akuti pa TikTok pamafunika woimirira. Mungangomutembenuza?"

Ndinati palibe vuto, adada. Nditayika kanemayo mu fulemu ya 9:16, chimene chinatsala pa sikirini ndi khushoni ya pakati yopanda munthu, bondo la mwamuna kumanzere, ndi nsonga ya chitenje kumanja. Mawu akumveka bwinobwino, koma akuyankhula ndi khushoni.

Masamu ake ndi awa, ndipo ndikanakonda wina atandiuza kale. Kanema wogona ali ndi mapikiselo 1920 m'lifupi ndi 1080 mu msinkhu. Mukafuna kudulamo woimirira, msinkhu umatsala wonse, koma m'lifupi mumangotsala mapikiselo pafupifupi 608. Ndiye kuti pa magawo atatu a chithunzi chanu, awiri ndi kachidutswa apita. Wa sikweya, 1:1, ndi wachifundo pang'ono chifukwa amasunga 1080 mwa 1920 aja, kupitirira theka. Choncho amene amalamula si wogona ayi. Amalamula ndi kamkwasa kopapatiza ka pakati kaja. Chimene chakwana m'menemo chikwananso mu sikweya ndi mu wogona, koma chimene chakwana mu wogona sichilonjeza kanthu kwa enawo.

Tsiku limenelo ndinapulumutsa ntchito mwa njira ya mmphawi. Ndinadula shoti imodzi ija pawiri, mwamuna akamayankhula ndikukankhira chithunzi kwa iye pa Position mu pulogalamu yokonzera makanema, mkazi akayankha ndikudumphira kwa iye. Zinatheka, koma kuti 1080 adzaze msinkhu wa 1920 ndinayenera kukweza Scale kufika 178. Apa ndi pamene panawawa. Nsalu ya sofayo inali ndi timizeremizere tokongola, tomwe bambo aja amanyadira kuti anasankha okha, ndipo titakulitsidwa chonchi tinangosanduka phala. WhatsApp nayo itafinya kanemayo potumiza, nkhope za anthu zinaoneka ngati zapakidwa mafuta ambiri. Mukafuna kudziwa kuti mwakulitsa mopitirira, musayang'ane nkhope poyamba. Yang'anani nsalu, tsitsi ndi malemba a pa khoma, ndi zimene zimayamba kuulula.

Shoti ya masofa atatu ija inakanika ndithu. Mawu akuti "onse atatuwa," maso akuona imodzi, nayonso yoduka mikono.

Ndinabwererako Loweruka mwa ndalama zanga, ndipo ndisanakhudze kamera ndinayamba ndakonza sikiripiti. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga ambiri, amene amaganiza kuti vutoli ndi la zipangizo. Chiganizo chilichonse cha mu sikiripiti chimaitanitsa chinthu choti chioneke, ndiye ndimadzifunsa pa mzere uliwonse kuti, munthu akamamva mawu awa, akuyenera kuona chiyani? Ngati yankho ndi zinthu ziwiri zotalikirana, mzerewo ndiuthyole pawiri. "Onani masofa onse atatuwa" inasanduka mizere itatu: "Iyi ndi ya anthu atatu. Iyi ya awiri. Iyi ndi yanu nokha, bambo wa pakhomo." Mzere uliwonse shoti yakeyake, chinthu chimodzi pakati. Ndinachotsanso mawu onse olozera mbali, monga "kumanja kwangaku," chifukwa mu woimirira kumanjako kulibe. Chodabwitsa n'chakuti sikiripiti yatsopanoyi inamveka bwino kuposa yakale ngakhale mu wogona momwe.

Kenako kaimikidwe ka zinthu. Sofa ya anthu atatu imatalika pafupifupi mamita awiri. Kuti yonse ikwane m'kamkwasa ka pakati mutaiyang'ana chamaso, kamera iyenera kuona malo otambalala mamita oposa asanu ndi limodzi. Shedi ya bambo aja siifika n'komwe pamenepo, ndipo ikanafika, sofayo ikanaoneka kakang'ono pansi pa malata ndi mitanda ya denga. Ndiye ndinasiya kulimbana nayo chamaso. Ndinakaima cha ku mkono umodzi, chopendeka, kuti kutalika kwa sofa kuzipita kutsogolo m'malo mopita m'mbali. Mkazi anakhala pafupi ndi kamera, mwamuna kumbuyo kwake pang'ono, mitu yawo ikuyandikana pa sikirini ngakhale pa sofa anali motalikirana. Anyamata othandiza pa shedipo ankaseka kuti ndikujambula ngati ndikusuzumira pa windo. Koma anthu onse awiri analowa, ndi sofa yawo yomwe.

Poyezera sindinagule kanthu. Yatsani Grid pa foni kapena pa kamera yanu, mizere ija yogawa sikirini patatu. Danga la pakati ndi gawo limodzi mwa atatu, mapikiselo 640 pa 1920, pamene woimirira amafuna 608. Ndiye danga lija ndi muyezo wanu, mungolowa mkati pang'ono. Amene ali ndi monita angathe kumata tepi ya pepala: ngati chithunzi ndi chotambalala masentimita 12, woimirira ndi masentimita 3.8 a pakati, sikweya ndi 6.75. Dzanja la mmisiri likamaloza, liloze mkati mwa tepi. Munthu akamalowa, alowe chobwera ku kamera, osati chodutsa ngati basi ya ku Karonga.

Za 4K nazo ndinene, poti pano ndi pamene ambiri amathamangira. Inde, jambulani pa 3840 x 2160 ngati chipangizo chanu chilola. Kamkwasa ka pakati kamakhala mapikiselo 1215 m'lifupi ndi 2160 mu msinkhu, kuposa 1080 x 1920 amene woimirira amafuna, moti mmalo mokulitsa mumachepetsa, Scale imatsika kufika cha pa 89. Nditajambula pa 4K, timizere ta nsalu tija tinaoneka kamodzikamodzi. Koma 4K imangochiza kufwifwa, siibweza munthu amene wakhala kunja kwa kamkwasa. Ilinso ndi mtengo wake: khadi imadzadza msanga, foni imatentha, ndipo laputopu yanga yokalambayi imalira ngati chigayo.

Phindu lake lenileni ndi lakuti imakulolani kuimira patali. Shoti yooneka bwino mu wogona, kuyambira pachifuwa kupita kumutu, mukaidula choimirira imasanduka nkhope yodzadza sikirini, mapewa oduka, munthu akangosuntha pang'ono khutu latuluka. Choncho ndimabwerera m'mbuyo mpaka munthu aoneke kuyambira m'chiuno kapena m'maondo, pamwamba pa mutu patsale malo. Woimirira amatenga msinkhu wonsewo. Wogona ndimamuyandikitsa pokonza, popeza kuchokera pa 4K mungathe kuyandikira mpaka kawiri musanatsike pansi pa 1920 x 1080. Kuyandikira pokonza kumatheka, kutalikira sikutheka.

Ndivomereze chinthu chimodzi chimene otsutsa anganene, ndipo sakunama. Mukaunjika zonse pakati, kanema wogona amaoneka ngati chithunzi cha pasipoti, m'mbali muli mbee. Mankhwala ake si kubwezera zofunika m'mbali, koma kuikamo zinthu zoti zikaduka palibe amene angalire. Ife tinaika mnyamata akupala thabwa kumanzere, mulu wa siponji kumanja. Wa pa YouTube amaona shedi yonse ili yamoyo. Wa pa Status sadziwa n'komwe kuti kunali mnyamata. Ndipo pali shoti zina zimene sindikakamiza: ija yotsegulira, yoonetsa msewu ndi chikwangwani cha shedi, ndinaijambula kawiri, chogoneka ndi choimika. Mphindi zisanu basi. Amene amalumbira kuti shoti iliyonse ingathe kutumikira mafulemu onse atatu sanajambulepo chikwangwani chachitali.

Malemba ndiye musawaphatikize ku kanema musanamalize kudula. Dzina la bizinesi, mtengo, nambala ya foni, zonsezi zikhale pa mzere wakewake pamwamba pa kanema, ndipo muziike katatu, fulemu iliyonse payokha. Chiganizo chimene chimagona mzere umodzi mu wogona chimafuna mizere itatu mu woimirira. Kumbukiraninso kuti TikTok ndi Reels zimaika zinthu zawozawo pamwamba pa kanema wanu: dzina la mwini ndi mawu ofotokozera pansi, timitima ndi mabatani kumanja. Ine ndimasiya mapikiselo cha m'ma 400 pansi ndi 250 pamwamba opanda lemba lililonse, ndipo ndimapewa m'mphepete mwa kumanja. Umu ndi mmene ndimachitira ine, mapulogalamuwa amasinthasintha maonekedwe, ndiye ndisanapereke ntchito ndimayamba ndayesa pa foni yeniyeni. Ulendo woyamba uja nambala ya bambo aja ndinaiika pansi penipeni, ndipo manambala awiri omaliza anabisika kuseri kwa batani. Tangoganizani, kanema wamalonda wokhala ndi nambala yosakwana.

Panopa kasitomala akabwera, funso langa loyamba si la bajeti, ndi lakuti, kanemayu akaonetsedwa pati? Akati paliponse, ndimamuuza kuti sikiripiti ndi imodzi, tsiku lojambula ndi limodzi, koma kukonza ndi katatu, ndipo mtengo umanena zomwezo. Ena amadandaula kuti wojambula wina wa ku Chibavi amangotembenuza mwaulere. Ndimawaonetsa pa foni kanema wa khushoni yoyankhula uja, ndinamusunga dala.

Bambo a ku Luwinga aja anatenga makanema awo atatu. Woimirira mwana wawo anaika pa TikTok ndi pa Status, wa sikweya pa Facebook. Wogona, amene ndinavutikira kuikamo mnyamata wopala thabwa ndi siponji, mpaka lero akadali mu fulashi, m'thumba la ovolosi yawo.