Sikana siwerenga mano

Lolemba m'mawa ndikuweruka naiti, maso ali psuu, supavaiza wandiimitsa pakhomo la weyahausi. "Paja iwe unali mphunzitsi kwanu? Tandilembera chikalata cha wantchito wopambana mwezi uno." Dzina anali atasankha kale, mnyamata yemwe uja amasuta naye fodya kuseri kwa geti, kachitatu chaka chino. Ndamufunsa kuti ndilembe kuti wachita chiyani. Akuti lemba kuti amamwetulira nthawi zonse, ndipo ali ngati wa m'banja mwathu.

Kumwetulira! Abale anga a kuno ku Leicester, inu amene mumadikira basi mumdima chisanu chikuluma makutu, ndiuzeni: munthu wa naiti amwetulire ndani? Mashelefu? Bwana amalowa ife tikutuluka, nkhope zathu sazidziwa, ndiye mphoto ikakhala ya mano ife tinaluza tisanayambe. Ndipo ine, bambo wa ana atatu amene ndinkachonga mayeso a ana a fomu 4, ndinalemba. Ndinakongoletsanso m'mbali ndi timizere. Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, makamaka fisi amene viza yake ili m'manja mwa eni ntchito.

Chondiwawa n'choti muweyahausi muno chilichonse chimawerengedwa. Sikana ili m'manja usiku wonse, ukachedwa kuchimbudzi amadziwa. Mnyamata ujayo mwezi watha anatola katundu 9,000 pa maola 180. Mayi wina wa shifiti yathu anatola 6,600 pa maola 120, chifukwa masana amalera mwana. Bwana akuona 9,000 n'kuwomba m'manja. Gawani ndi maola muone: mnyamatayo 50 pa ola, mayiyo 55. Komanso mnyamatayo amamuika kumzere wa tinthu topepuka, mabatire ndi timisuwachi, pamene mayiyo amakoka makatoni a madzi. Mukafuna chilungamo, yerekezani anthu a mzere umodzi, pa ola, kenako muwerenge zolakwika pa katundu 1,000 aliyense, poti wothamanga wotumiza katundu wolakwika amangotiwonjezera ntchito. Koma ayi, mano.

Mphoto yakenso ndi vocha ya mapaundi 25. Tikudana anthu akuluakulu chifukwa cha ndalama yosakwana n'kugula nsapato zantchito. Wa ejensi, amene amasenza mofanana nafe, saloledwa n'komwe kupikisana. Mayikuloweva ya kukantini inafa kalekale, koma makina omatira chikalata mupulasitiki amagwira bwinobwino.

Ndinamuuzako supavaiza, mwaulemu wa munthu wofuna shifiti sabata yamawa, kuti mfundo azipachike pa bolodi mwezi usanayambe, asamazipeke atasankha kale munthu. Zitatu zakwana: liwiro pa ola, kuchepa kwa zolakwika, ndi chinthu chimodzi chooneka chimene wathandiza nacho anzake, cholembedwa ndi anzakewo ndi tsiku lake. Osankha akhale atatu, wina wa masana, wina wa naiti, azisinthana, ndipo amene wapambana adikire miyezi 6. Iye akuti tingoika kuti wosajomba. Pamenepo ndiye pali msampha. Lamulo lawo lomwe la 2010 loletsa tsankho pantchito limateteza mayi woyembekezera ndi munthu wolumala, ndiye ukamuchotsera mfundo chifukwa anapita kusikelo, wapalamula. Ukanena kuti wokonda ovataimu, wataya mwana wasukulu amene viza yake imamuletsa kupitirira maola 20 pa sabata sukulu ikatsegula. Werengani kusunga nthawi pa mashifiti amene munthu anapatsidwa, basi.

Mawu a pachikalata nawonso. "Wakhama, wansangala, wa m'banja mwathu", aliyense wowerenga amamva kuti enafe ndife alesi, okwinya nkhope, ana opeza. Ndikanalemba chonchi: "Mwezi uno watola katundu 55 pa ola kumzere wa zolemera popanda kasitomala kubweza kanthu, ndipo anaphunzitsa antchito atsopano awiri kugwiritsa ntchito sikana. Anamusankha ndi anthu atatu a mashifiti onse." Wokayika akhoza kukafufuza yekha. Kumwetulira mukakufufuza kuti?

Supavaiza uja anangoseka, akuti ndimaganiza kwambiri. Anamwetuliranso, mwina mwezi wamawa adzipatsa yekha.

Vochayo sindikuifuna, ndikunena zoona. Mwana wanga wamkazi ku Dedza anandifunsa pafoni kuti, "Adadi, kuntchito kwanuko amakudziwani?" Ndinamuyankha kuti eya. Zaka zinayi ndili pano, ndipo pa ndandanda wa mashifiti dzina la bambo anga amalilembabe molakwika. Nyumba kumudzi yafika pa mawindo. Ikangofoleredwa malata ndikubwera, ndikagwirenso choko. Mayi uja sindinamuuze za 55 yake. Usiku uno tili limodzi kumakatoni a madzi, ndimuuza pa buleki.