Inu opaka nkhope ndi nambala za galimoto pa zithunzi, mukubisa chiyani?

Ana inu, khalani pansi ndikuuzeni. Ine ndakalamba ndi ntchito yojambula zithunzi, kuyambira nthawi imene tinkatsuka filimu mʼkachipinda kamdima, ndipo zimene ndikuona mʼmagulu a WhatsApp masiku ano zikundinyansa. Munthu wajambula ngozi ya pamsewu, kapena mwana amene wachitidwa chipongwe, wadutsitsa chala kawiri pankhope, basi watumiza, mtima uli mʼmalo kuti wabisa. Sunabise kanthu mwanawe. Wafunditsa munthu neti ya udzudzu nʼkumati wamutsekera mʼnyumba.

Mwezi wathawu kwathu kuno galimoto ina inagunda wakabaza. Woyendetsayo sanathawe, anatengera wovulalayo kuchipatala nʼkukadzipereka yekha kupolisi. Koma mnyamata wina wa mu mpingo mwathu anali atajambula kale galimotoyo ili pambali pa msewu. Poti ndi mwana woleredwa bwino, anaganiza zobisa nambala asanatumize pagulu la mʼdera, kuopa kuti anthu aukali angakachite chipolowe kunyumba kwa mwiniwake. Maganizowo anali abwino. Koma dzuwa lisanalowe nambala ija inali italembedwa pagulu lomwelo, ndipo ena anali atayamba kulondolerana njira ya kunyumbako.

Anabwera kwa ine nkhope ili yakugwa. “Agogo, inetu ndinapaka bii, palibe chimaoneka. Aidziwa bwanji?”

Ndinati bwera nayo foniyo. Inali iPhone, ndipo anapakira mu Markup, malo olembera ndi kupaka pa chithunzi, ndi cholembera chokhuthala chija, chofanana ndi chimene ana asukulu amadutsitsa pa mawu ofunika mʼbuku. Cholembera chimenecho anachipanga dala kuti zapansi zizionekera. Ukasankha mtundu wakuda nʼkudutsitsa katatu, maso amaona mdima, koma zolembedwazo zimakhala zilipobe pansi pake. Ndinatsegula chithunzicho pa Edit, ndinakweza Exposure, Brightness ndi Shadows mpaka kumapeto, nʼkutsitsa Contrast. Chigamba chija chinayera ngati utsi, manambala anayi onse nʼkutulukira poyera. Sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Mnyamata uja anangogwira pakamwa.

Ena a inu mukuseka, mukuti ife sitipaka, timachita zachimbuuzi zija, kapena timaphwanya nkhope kukhala timabokosi. Inunso bwerani kuno.

Chithunzi cha mufoni ndi timadontho tambirimbiri, kalikonse ndi mtundu wake. Kubisa kwenikweni ndi kuchotsa timadontho ta pankhope nʼkuikapo tina tosakhudzana ndi nkhopeyo. Koma njira zambiri zimene mumazikonda chifukwa zimaoneka zaukhondo sizichotsa, zimangosuntha kapena kusakaniza timadontho tomwe tija. Chosunthidwa mwa dongosolo chimabwezedwa mwa dongosolo lomwelo.

Umboni ulipo. Munthu wina wa ku Canada, Christopher Paul Neil, ankaika pa intaneti zithunzi zake akuchitira ana nkhanza zogonana, nkhope yake ataipotokola kuti izioneka ngati kamvuluvulu. Iye ankadziona wochenjera. Akatswiri apolisi a ku Germany anangopotokolera mbali inayo, nkhope nʼkubwerera mʼmalo mwake mokwanira kuti munthu aizindikire. Interpol, bungwe la apolisi a mayiko osiyanasiyana, inafalitsa chithunzicho mu Okutobala 2007, ndipo mwezi womwewo anamugwira ku Thailand. Apo tinaombera mʼmanja chifukwa wogwidwayo anali chilombo. Koma masamu alibe tsankho. Njira imene inavula chigawenga chija ndi yomweyo ingavule mayi amene waulula katangale kuntchito, inu mutamulonjeza kuti nkhope yake simuonetsa.

Za timabokosi ndiye ndichedwepo, chifukwa apa mpamene ambiri mumagona tulo. Foni ikamaphwanya malo kukhala timabokosi, imatenga timadontho tonse ta mʼkabokosi kamodzi, nʼkupeza mtundu wapakatikati, nʼkupaka kabokosi konseko mtundu umenewo. Ndiye kuti kabokosi kamene kagwera pa 8 kamada kuposa kamene kagwera pa 1, poti 8 ali ndi inki yambiri. Maso anu sangawerenge zimenezo, koma kuda ndi kuyera kwa timabokosito ndi mapazi amene nambala yasiya.

Tsono taganizirani nambala zathu. Zambiri ndi zilembo ziwiri ndi manambala anayi, ndipo kalembedwe kake nʼkodziwika kwa aliyense. Kawirikawiri mumasiya zilembozo poyera, mwina BT kapena LL, nʼkuphwanya manambala okha. Manambala anayi sangapitirire mitundu 10,000, kuyambira 0000 mpaka 9999. Wofuna kudziwa safunika kubweza chithunzi chanu ayi. Amauza kompyuta kuti ilembe 0001 mʼkalembedwe ka nambala ya galimoto, iiphwanye ndi timabokosi tofanana kukula ndi tanu, ifananize. Sizikugwirizana? Ipite pa 0002. Kwa kompyuta, kuyesa ka 10,000 ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Ndipo siyeneranso kuyesa zonsezo, ikhoza kumasula nambala imodziimodzi, iliyonse mitundu khumi yokha. Zida zochitira zimenezi pa mawu olembedwa zili poyera: mu 2022 katswiri wina dzina lake Dan Petro anatulutsa pulogalamu yotchedwa Unredacter pofuna kuonetsa anthu kuti timabokosi si chobisira zolemba.

Ndisakunamizeni, chithunzi chojambulidwa chammbali, usiku, nambala ili ndi fumbi, nʼchovutirapo kumasula kusiyana ndi mawu oyera a pa sikirini. Timabokosi tikakhala tikulutikulu, mwachitsanzo tiwiri tokha pa nambala yonse, zotsala zimachepa kwambiri. Koma inu mumakonda tingʼonotingʼono kuti chithunzi chisanyanse. Ndipo womasulayo safunika manambala onse anayi. Akapeza awiri, galimoto nʼkukhala yofiira, yopindika chitseko chakumanzere, mʼtauni yaingʼono ngati yathu, watha ntchito. Pa kanema ndiye zimaipiratu, chifukwa galimoto ikamayenda timabokosi timagwera malo osiyanasiyana pa nambala, ndipo nthawi zina chobisira chimatsalira mʼmbuyo kwa kamphindi, wina nʼkuimitsa pomwepo.

Nkhope nayo ili ndi vuto lake. Munthu wachilendo sangazindikire nkhope ya chimbuuzi, zoona. Koma kodi mukubisira wachilendo? Mukubisira mwamuna wake, abwana ake, anthu a mʼmudzi mwake. Amenewo amamudziwa ngakhale ali patali pa chisisira, poona kaimidwe ka mutu ndi mapewa basi. Kamzere kakuda kodutsa mʼmaso kaja, kamene kamasiya mphumi, mphuno, mano ndi ndolo poyera, ndi chipongwe chabe.

Chochita nʼchosavuta, kungoti nʼchosakongola. Ikani chigamba cha mtundu umodzi chosaonekera mkati. Musapake ndi chala. Sankhani bokosi lodzaza, ndipo ngati pali pamene palembedwa Opacity, pakhale pa 100%. Bokosilo likhale lalikulu kuposa chobisidwacho: pa nambala liphimbe chitsulo chonse ndi zilembo zomwe, pa munthu liphimbe mutu wonse, tsitsi, makutu mpaka chibwano. Kankhope koseka kaja kamene mumamata pa ana kamagwira ntchito ngati nʼkakakulu mokwanira, koma ambiri mumakachepetsa kuti malaya okongola aoneke, makutu ndi maluko a tsitsi nʼkutsala panja.

Mukatero musatumize chomwecho. Chitsegulireni pa sikirini yonse, mujambule sikirinishoti, ndipo mutumize sikirinishotiyo. Chifukwa chake nʼchakuti mafoni ambiri amasunga chithunzi choyambirira kuseri kwa chokonzedwacho. Pa iPhone pali batani lolembedwa Revert, ukalidina zopakapaka zonse zimachoka, ndiye aliyense wogwira foni yanu akhoza kuvundukula. Komanso mu 2023 kunapezeka kuti Markup ya mafoni a Google Pixel, ndi Snipping Tool ya pa Windows 11, zinkasiya zidutswa za chithunzi choyambirira mʼkati mwa failo munthu atadula kapena kupaka, moti ena ankatha kuzibwezeretsa. Anakonza vutolo, koma zimene anthu anali atatumiza kale zinapita momwemo. Sikirinishoti ya chithunzi chophimbidwa kale ilibe chakuseri, ili ndi zokhazo zimene zinali pa sikirini. Ilibenso zija kamera imalemba mobisika, monga malo enieni amene munaima pojambula. WhatsApp imachotsa zimenezi mukatumiza ngati chithunzi wamba, koma mukatumiza ngati Document, failo imapita yathunthu ndi zonse zili mʼmimba mwake.

Kenako dziyeseni nokha, monga ndinachitira ndi foni ya mnyamata uja. Kwezani kuwala mpaka kumapeto, kulitsani chithunzi ndi zala, muyangʼane. Chigamba chabwino chimakhala mtundu umodzi ngakhale muchizunze bwanji. Mukaona timizere kapena mthunzi wa chilembo, yambiraninso.

Apo mwabisa chimene mumafuna kubisa. Tsopano yangʼanani chimene simunaganizire, chifukwa khoswe wa padenga ndi amene anaulula wa padzala. Pagalasi lakutsogolo la galimoto pamakhala timapepala ta inshuwalansi ndi COF, ndipo nambala yomwe mwaphimba pansiyo yalembedwanso pamenepo. Makamera a mafoni a lero amatha kuiwerenga mukajambula pafupi. Minibasi ndi malole ambiri amalembedwa dzina la mwini pachitseko, ena ndi mawu akuluakulu kumbuyo amene dera lonse limawadziwa. Galasi la sitolo kapena chitseko chonyezimira cha galimoto ina chimaonetsa nkhope imene mwaiphimba kutsogolo.

Pa ana ndiye mumandikwiyitsa zedi. Mwana wagwiriridwa, inu mwaphimba nkhope, koma yunifolomu ya sukulu ili poyera ndi baji yake, kumbuyo kukuoneka mjigo ndi nyumba ya chitseko chobiriwira, pambali paima mayi ake osaphimbidwa, pansi mwalemba mudzi ndi kalasi. Mwabisa ndani? Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaletsa kufalitsa zimene zingadziwitse mwana amene nkhani yake ili mʼkhoti la ana, ndipo sukulu ndi kumene amakhala zili mʼgulu lomwelo. Chithunzi chotere sichifuna chigamba, chimafuna kusatumizidwa. Ngati mukufunadi kuthandiza, kachiperekeni kupolisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, osati pagulu la anthu mazana awiri.

Mnyamata uja tinakonza naye chithunzi chake bwinobwino: bokosi lakuda pa nambala, lina pa timapepala ta pagalasi, sikirinishoti, kuyesa kuwala. Anafufuta choyamba chija pagulu nʼkuika chatsopano. Koma pamene ankafufuta nʼkuti chitatumizidwa kale kumagulu ena amene iye saliko nʼkomwe, ndipo banja la woyendetsa uja linagona kwa achibale masiku atatu kudikira kuti mitima ya anthu izizire.