Dr kutsogolo, PhD kumbuyo: sankhanipo chimodzi

Ntchito yanga ndi yosindikiza makhadi a bizinesi, a ukwati ndi zikalata zina pano pa boma la Mangochi, ndipo pali chinthu chimene chimandiwawa mtima. Munthu wavutika zaka zambirimbiri pasukulu, makolo agulitsa mbuzi, iye wagona ndi njala, kenaka digiri yakeyo n'kudzalembedwa molakwika pa kakhadi kotalika mamilimita 85 okha.

Sabata yatha kunabwera mayi wina amene amagwira ntchito ndi asodzi a ku Malombe. Anaphunzira za nsomba kuyambira digiri yoyamba mpaka ya pamwamba penipeni. Anatulutsa khadi lake lakale m'chikwama, m'makona mutapindikapindika, nati ndimupangire ena ofanana nalo. Dzina ndalibisa, koma mzere wake unali wotere:

DR. UJE UJENI, PHD, Bsc. Msc

Ndinati, “Mayi, pepani, ndisanasindikize tikambirane kaye mzere uwu.” Anakhala pansi, tinayamba kuuona chilembo chimodzichimodzi.

Tinayambira pa Bsc. Chidule chimenechi chikuimira mawu awiri, Bachelor ndi Science. B ndi chiyambi cha mawu oyamba, S ndi chiyambi cha mawu achiwiri, choncho zonse ziwiri ndi zilembo zazikulu. Koma c si mawu paokha, wangotsatira S m'mawu omwewo, n'chifukwa chake amakhala wamng'ono. Kalembedwe kake ndi BSc, ndipo mnzake ndi MSc. PhD nayo ili chimodzimodzi. Inachokera ku Chilatini, Philosophiae Doctor, ndiye P ndi h ndi za mawu amodzi, D ndi wa mawu achiwiri. Mukalemba PHD mukuonetsa ngati pali mawu atatu, pomwe alipo awiri. Amene mwamva mfundo imeneyi simudzavutikanso ndi BEd kapena BCom, ndipo mudzaona chifukwa chake BA ndi MBA zilibe chilembo chaching'ono.

Mayiwo anadabwa, nati iwo anapereka zolondola kwa amene anawasindikizira poyamba. Ndinawakhulupirira, chifukwa ndikudziwa kumene vutoli limachokera. Microsoft Word ikaona mawu oyamba ndi zilembo zazikulu ziwiri kenaka chaching'ono, imayesa kuti chala chaterereka, ndiye imakonza yokha. Mulemba BSc, mukangodina danga, yasanduka Bsc inu osaona. Mukazindikira msanga dinani Ctrl+Z, ibwerera. Kuti zithe kotheratu, pitani pa AutoCorrect Options muchotse kachizindikiro pamzere wolembedwa Correct TWo INitial CApitals. PHD ija imabwera mwanjira ina: wokonza khadi amafuna dzina lioneke la zilembo zazikulu zokhazokha, n'kuphatikiza ndi madigiri omwe. Dzina likule ngati mukufuna, koma madigiri asiyeni mmene alili.

Za timadontho sindichedwapo. Ku America ambiri amalemba Ph.D. ndi B.S., pomwe ku Britain masiku ano amalemba PhD ndi BSc popanda mpumiro, ndipo kuno kwathu tinatengera kwambiri za ku Britain. Zonse n'zololedwa. Chosaloledwa ndi kusakaniza pamzere umodzi, kwina kadontho kwina ayi, ngati mmene zinalili pakhadi la mayi aja. Ine ndimachotsa onse, chifukwa pa zilembo zing'onozing'ono timadontho timaoneka ngati inki yadonthera.

Ndondomeko imene tinazolowera kuno ndi yoyambira pansi kukwera, monga mmene munthu anaphunzirira, ndipo pakati pake pamakhala mpatuliro. PhD siyamba, imatsekera.

Tsono nkhani imene tinachedwapo, imenenso yandilembetsa zonsezi, ndi ya Dr uja. Dr kutsogolo ndi PhD kumbuyo zikunena chinthu chimodzi, chifukwa D wa mu PhD ndi dokotala yemweyo. Kulemba zonse ziwiri kuli ngati kunena kuti mfumu Uje amene ndi mfumu. Pamafunika kusankhapo chimodzi. Mayiwo ankafuna Dr, ndipo ndinawamvetsa, udindo umenewu anautuluka thukuta. Koma ndinawafunsa kuti khadili limapita m'manja mwa ndani. Anati kwa akuluakulu a makomiti a m'madoko, kwa mafumu, kwa a mabungwe, nthawi zina kwa alendo obwera kumisonkhano m'mahotela a m'mbali mwa nyanja. Ndiye ndinati, “Nanga ku doko munthu akamva kuti dokotala, amaganiza chiyani?” Anavomera kuti kangapo konse anthu awafotokozerapo za malungo ndi likodzo, ena mpaka kuwaonetsa buku la kuchipatala la mwana.

Apa m'pamene maganizo anga ali. M'Chichewa, dokotala ndi wa kuchipatala basi. Mayi amene wabwera ndi mwana wotentha thupi sakudziwa kuti kuli dokotala wa chambo, ndipo nthawi imene akutaya pofotokozera munthu wolakwika ndi nthawi imene akanakhala ali panjira ya kuchipatala. Choncho kwa munthu amene PhD yake si ya zaumoyo, amene amagwira ntchito pakati pa anthu a m'midzi, ine ndimati aike PhD kumbuyo. Amene amaidziwa aiwerenga n'kupereka ulemu wake, amene saidziwa sasokonezeka. Dr musungire pamene akukuitanani pamsonkhano kapena pa envulopu ya kalata. Dokotala wa kuchipatala zake n'zosiyana: digiri yake ndi MBBS, imene kuno imaperekedwa ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, ndipo iye Dr kutsogolo amathandiza odwala kumuzindikira.

Mzere wa mayiwo unathera apa:

Uje Ujeni, BSc, MSc, PhD

Pansi pake tinalemba ntchito yawo, katswiri wa za nsomba, m'mawu omveka. Ndinawauzanso kuti akanatha kungosiya PhD yokha, popeza madigiri atatuwo ndi a phunziro limodzi ndipo wamkulu amakwirira aang'ono. Iwo anati BSc ikhale, chifukwa ndi ya ku Bunda ndipo anzawo ambiri pantchito anadzera komweko. Ndinaona kuti n'zomveka. Zikanakhala kuti digiri ina ndi ya phunziro losiyana, monga MBA, sindikanaganiza n'komwe zoichotsa, poti imauza wowerenga chinthu chimene PhD singanene.

Pali zina zimene ndimakana kulemba ngakhale munthu atakwiya. Wina amati ndiike PhD kenaka c m'mabulaketi, kutanthauza kuti akadali pasukulu. Digiri imene simunalandire si yanu, ndipo makhadi amakhalitsa m'zikwama za anthu kuposa mmene mukuganizira. Hons, chidule cha Honours chimene ena amaonjezera pa digiri yoyamba, nayenso si chokongoletsera ayi. Muikeni pokhapokha ngati pasatifiketi panu palembedwa choncho. Digiri yaulemu, imene yunivesite imapereka pothokoza ntchito za munthu, iyenera kuonetsedwa kuti ndi yaulemu, anthu asamayese kuti munachita kafukufuku. N'chifukwa chake ndimapempha aliyense kuti abwere ndi satifiketi, kapena chithunzi chake pafoni, tikopere zimene zalembedwapo osati zimene tikukumbukira.

Tisanasindikize onse, ndinatulutsa khadi limodzi lokha papepala wamba. Mayiwo analiyandikitsa kumaso, nawerenga chilembo chilichonse ndi chala, kenaka anasaina kumbuyo kwake. Makhadi awo anadzawatenga mawa lake masana, akuchokera ku Malombe.