Kusamutsa nyimbo ya kwaya kuchoka pa solofa kupita pa sitafu

Maganizo anga ndi akuti mkangano woti chabwino n'chiti pakati pa solofa ndi sitafu umatitayitsa nthawi, chifukwa njira ziwirizi zimayankha mafunso osiyana. Solofa, imene John Curwen anaifalitsa ku England potengera njira ya Sarah Glover, imauza woimba mtunda wa noti iliyonse kuchokera pa `d`, noti yoyambira ya kiyi, ndipo `d` ameneyu amasuntha malinga ndi kiyi. Sitafu, ija ya mizere isanu, imasonyeza liwu lenileni limene chala chiyenera kudina pa kiyibodi. N'chifukwa chake kwaya imagwira msanga nyimbo ya pa solofa, pamene woimba kiyibodi amapuma bwino akaona sitafu.

Vuto limabuka posamutsa. Taonani kachigawo aka ka sopulano mu kiyi ya F, kamene kali ndi mabiti anayi:

```
|s₁ :d |m :-.r |
```

Choyamba n'kulemba fulati imodzi pamzere wa B kumayambiriro. Kenako `d` ndi F, mumpata woyamba kuwerengera pansi, `m` ndi A mumpata wachiwiri, `r` ndi G pamzere wachiwiri, ndipo `s₁`, popeza kanambala kapansiko kakumutsitsa, ndi C wapakati amene amakhala pakamzere kowonjezera kunsi kwa sitafu. Apa ambiri salakwitsa. Pamene amapunthwa m'pa `m :-.r`, poti kamzere kopingasako si noti yatsopano ayi, koma kakutalikitsa `m` mpaka theka la biti yachinayi, ndipo `r` akungotenga theka lotsalalo. Pa sitafu ndiye kuti A ndi noti ya biti imodzi yokhala ndi kadontho kumanja kwake, G n'kukhala ya theka la biti. Mukawerenga mabiti n'kupeza asanu, dziwani kuti kamzere kaja mwakasandutsa noti.

Msampha umene unandikola ine ndi `fe`, amene ndi `f` wokwezedwa theka la sitepe. Ndinazolowera kuganiza kuti `fe` ndi shapu nthawi zonse, choncho ndinalemba shapu pa B, woimba kiyibodi n'kudina C, aluto onse n'kusokonezeka. Mu kiyi ya F, `f` ndi B fulati kale, motero kumukweza theka la sitepe kumangofuna chizindikiro chofafaniza fulatiyo. Mu kiyi ya C kapena ya G ndi mmene `fe` amalembedwadi ndi shapu.

Mawu a amuna nawo ali ndi chinsinsi chawo. Pa solofa, tena ndi besi amalembedwa okitevu imodzi pamwamba pa mmene amamvekera, pofuna kuchepetsa timanambala tapansi tija. Ndiye `d` wopanda chizindikiro wa besi mu kiyi yomweyi ndi F wa pamzere wachinayi wa sitafu ya besi, osati F wa sopulano uja. Mukaona kuti manoti a besi akukwera pa timizere towonjezera pamwamba mpaka kupitirira aluto, bwererani mukawatsitse onse okitevu imodzi musanapereke pepalalo kwa woimba kiyibodi.