Kadontho kobiriwira sikalemba ntchito

Mwezi wathawu ndinatsala pang'ono kukangana ndi abwana anga chifukwa cha kadontho kobiriwira kaja kamaoneka pambali pa dzina la munthu pa Teams, pulogalamu yolumikizirana pa ntchito, kusonyeza kuti ali pa kompyuta. Inali nthawi younika mmene aliyense wagwirira ntchito m'miyezi itatu, ndiye anandiitana n'kuti, "Mayi a ku Leeds aja m'mawa saoneka, masana kadontho kawo n'kachikasu. Kodi timawalipira za chiyani?" Ndinawapempha kuti asalembe kanthu kaye mpaka nditabweretsa kabuku kanga.

Ntchito yathu ndi yolemba mawu ojambulidwa pa kafukufuku wa m'midzi. Timamvetsera, n'kulemba liwu ndi liwu, kenako n'kumasulira m'Chingerezi. Ndimayang'anira anthu asanu: atatu kuno kumudzi, mmodzi ku Joni, ndi mayi aja a ku Leeds, ku Britain. Palibe amene amabwera ku ofesi.

Kadonthoko sikadziwa ntchito. Pa Teams, ukangotha mphindi zisanu osakhudza kompyuta, kamasintha n'kulemba kuti Away. Chimene kamaona ndi chala chikugwedeza mausi, basi. N'chifukwa chake kukugulitsidwa tizipangizo togwedeza mausi tokha mwini wake ali kumsika. Mu 2024 banki ya Wells Fargo ku America inachotsa ntchito anthu oposa khumi ndi awiri chifukwa chonamizira kuti akugwira ntchito pa kiyibodi. Ine nkhani imeneyo sinandidabwitse. Ukamalipira munthu kuti azioneka, adzaphunzira kuoneka.

Ndiye pali nkhani ya dzuwa. Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, Britain amakhala kumbuyo kwathu ndi maola awiri, miyezi inayo ndi ola limodzi. Abwana akamatsegula kompyuta 8 koloko ku Lilongwe mu Januwale, ku Leeds ndi 6 koloko, kudakali mdima, mayiwo sanadzutse n'komwe ana opita kusukulu. Nayenso mnzathu wa ku Zomba amakopa mafayilo usiku, n'kuzimitsa intaneti kuti bando isathe, n'kumalemba tsiku lonse pa laputopu mpaka batire itatha ngati magetsi azima. Pa Teams amaoneka ngati munthu amene anasamuka kalekale.

M'kabuku kanga ndimalembamo zinthu zitatu pa fayilo iliyonse: tsiku limene tinagwirizana ndi tsiku limene yafika, zolakwika zimene ndapeza, komanso ngati munthuyo anachenjezeratu kuti achedwa. Zolakwikazo sindiwerenga fayilo yonse, nthawi sindingaipeze. Ndimasankha mphindi khumi za pakati, osati za koyambirira chifukwa poyamba aliyense amalemba mosamala, n'kumvetsera ndikuyang'ana zimene zalembedwa. Sindiwerengera mpumiro wosowa. Ndimawerengera zimene zasintha tanthauzo, monga mayi wanena kuti "sitinalandire" koma palembedwa "tinalandira", kapena pamene wolembayo wadumpha chiganizo chifukwa tambala analira.

Kuyambira Januwale mpaka Malichi, mayi a ku Leeds anapereka mafayilo 24. Pa amenewa, 23 anafika pa tsiku lake. Imodzi yotsalayo anandilembera kutatsala masiku awiri kuti mwana wadwala, ndiipereke kwa wina kapena ndiwonjezere tsiku. Zolakwika m'mphindi khumi zija zimakhala chimodzi kapena ziwiri, ndipo palibe fayilo imene ndinawabwezera. Tsono pali mnyamata wina wa kuno amene kadontho kake kamayaka kuyambira 7 m'mawa mpaka usiku, uthenga ukangotumiza wayankha kale. Anapereka mafayilo 20, ofika pa tsiku lake 13. Pa asanu ndi awiri ochedwawo, anachenjeza kamodzi kokha, ena onsewo ndinkadziwa tsikulo litadutsa. Asanu ndi limodzi ndinamubwezera kuti akonze, ndipo fayilo yobwezedwa imandidyera ine maola awiri, chifukwa ikabweranso ndimayenera kuimvetsera yonse.

Abwana atayang'ana anangoti, "Koma mnyamatayu ndi wolimbikira." Ndipo sananame. Mnyamatayo si waulesi ayi, amakhaladi pa kompyuta tsiku lonse. Nditacheza naye ndinapeza kuti amasiya kumvetsera pakalira uthenga uliwonse, chifukwa anazindikira kuti chimene chimayamikiridwa ndi kuyankha msanga. Ntchito yathuyi ukaidula pakati, umabwerera m'mbuyo kukafuna pamene unalekezera, ndipo m'pamene ziganizo zimathawa. Tinamuphunzitsa tokha kulondera kadontho.

Pa zitatu zija, chimene ndimachilemekeza kwambiri ndi kuchenjeza. Munthu amene ali kutali sungamuone nkhope kuti lero zamuvuta. Akandiuza Lachiwiri kuti za Lachinayi sizitheka, ndimapeza wina ndipo mwini kafukufuku sadziwa n'komwe kuti panali vuto. Akakhala chete, Lachinayi madzulo ndine ndimapepesa.

Koma ndisanamize anthu kuti kuwerenga zotuluka kulibe msampha, chifukwa ife tinagweramo. Chaka chatha tinkangowerenga mafayilo. Kucheza kwa ola limodzi ndi munthu mmodzi m'nyumba kumatitengera maola pafupifupi asanu kulemba. Zokambirana za gulu la anthu asanu ndi atatu pansi pa mtengo, mphepo ikuwomba, agogo akulankhulira pansi, ena akulandana mawu, zimadya maola asanu ndi atatu kapena kuposa. Anthu atazindikira, ankathamangira zophwekazo, zovutazo n'kumatsalira mnzathu wa ku Zomba amene sadziwa kukana. Pa pepala ankaoneka wochedwa kuposa onse, chonsecho ndiye ankasenza mtolo wolemera. Pano fayilo isanaperekedwe ndimaimvetsera pang'ono n'kuipatsa kulemera: yophweka 1, yapakati 1.5, yagulu 2. Mafayilo 16 a mnzathuyo, amene theka anali agulu ndipo enawo ophweka, anakwana 24, chimodzimodzi ndi mayi a ku Leeds amene anagwira ophweka okhaokha m'miyezi imeneyo. Chinanso, muyeso wa sabata sindiutengera kwa munthu wachangu kuposa onse. Ndikatero ena azigona 2 koloko usiku kuti afikepo, ndipo kadontho tidzakhala tangokasintha ndi chikwapu china.

Abwana ali ndi mfundo yawo, ndipo sindiikana. Pali ntchito zimene kupezeka ndiye ntchitoyo: wolandira mafoni a makasitomala akachoka pa nthawi yake, palibe chotuluka chimene angaloze. Ngakhale ife timafunika kupezana. Tinagwirizana kuti kuyambira 2 mpaka 4 masana, nthawi ya kuno, aliyense azipezeka, ndipo uthenga wotumizidwa nthawi ina uyankhidwe tsiku lantchito lisanathe. Limeneli ndi pangano, ndipo wolithyola ndimamulemba m'kabuku ngati wochedwetsa fayilo. Kunja kwa maola awiriwo, kaya munthu akulemba m'bandakucha kaya ali kuchigayo, si zanga.

Pa fomu younikira paja panali mzere wakuti "kupezeka pa intaneti", ndipo abwana sanalole kuti tiuchotse. Tinagwirizana kuti uzitanthauza maola awiri aja basi. Mayi a ku Leeds anapatsidwa malikisi amene anayenera. Mnyamata uja ndamuuza kuti azitseka Teams kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko, ndipo mafayilo ake atatu a sabata ino afika pa tsiku lake. Dzulo abwana andifunsa kuti kodi mnyamatayo akudwala, poti masiku ano sakuoneka.