Musanandithire m'gulu lina la WhatsApp, taonani kaye zomwe zimafika pafoni yanga

Maganizo anga lero akupita kwa inu amalonda a muno mu Zomba amene mumatsatsa pa WhatsApp, kaya ndinu a nkhuku, a kaunjika kapena a mpunga wa ku Chilwa. Chizolowezi chotola manambala onse a makasitomala n'kuwaunjika m'gulu limodzi osawafunsa chitheretu. Sindikudana ndi malonda anu ayi, ndimagula ndipo ndipitiriza kugula. Chimene chimandiwawa n'chakuti nambala imene ndinakupatsani inuyo kuti mundiimbire nkhuku zikakula, mwaipereka kwa anthu amene sindikuwadziwa, ndipo ambiri a inu simuzindikira n'komwe kuti mwatero.

Munthu akalowetsedwa m'gulu, akangogogoda dzina la gululo pamwamba amaona mndandanda wa onse amene alimo. Amene anawaseva amawaona ndi mayina awo, ena onse amawaona ndi manambala awo athunthu, kuyambira +265 mpaka kumapeto. Gulu limodzi limatha kunyamula anthu 1,024. Ndiye ganizirani mtsikana wa ku Chikanda amene anangogula diresi limodzi, mawa lake nambala yake ili m'manja mwa bambo aliyense amene anagulapo nsapato kwa inu. Usiku amalandira "moni mayi, ndakuonani pagulu paja." Akathyali otumiza mauthenga abodza opempha ndalama nawonso amakolola manambala m'magulu oterewa. Ena mumati vuto limatha mukatseka gulu kuti azilemba ndi maadimini okha. Kutsekako kumathetsa phokoso la maluwa a m'mawa ndi mavidiyo odya bandulo, koma manambala aja amaonekabe kwa aliyense.

Chida choyenera malonda otere chilipo kale m'foni mwanumo, ndicho bulodikasiti. Pa Android mumachipeza pa timadontho titatu takumwamba kudzanja lamanja, pamene palembedwa `New broadcast`. Mumasankha anthu, osapitirira 256 pamndandanda umodzi, n'kulemba uthenga kamodzi. Uthengawo umapita kwa aliyense payekhapayekha, ngati makadi a ukwati: mawu ndi amodzi, koma aliyense amalandira envulopu yake.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa wotumiza ndi wolandira saona zinthu zofanana. Inu mumaona mndandanda wokhala ndi dzina limene mwaupatsa, mwina "Makasitomala a nkhuku", ndi kachizindikiro ka chimkuzamawu. Ine wolandira sindiona chilichonse mwa zimenezi. Dzina la mndandanda sindiliona, anzanga amene alandira nawo sindiwaona, ngakhale kudziwa kuti ndili pamndandanda sindidziwa. Uthenga umangogwera m'macheza athu a anthu awiri, pansi pa mawu amene tinalemberana mwezi watha, ngati mwandilembera ine ndekha. Ndikayankha, yankholo limabwera kwa inu nokha.

Ubwino wake ndi umenewu, koma msampha woyamba ulinso pomwepa. Wamalonda wina amafika pamapeto a mwezi mtima utatentha, n'kulemba kuti, "Mundipatse ndalama zanga lero, ndatopa n'kudikira." Iye akudziwa kuti akulankhula ndi anthu asanu a ngongole pakati pa anthu ambiri. Koma mayi amene analipira zonse Lachisanu akuwerenga mawu amenewa ngati kalata yake, ili pansi penipeni pa umboni wa ndalama umene anatumiza. Sangaganize kuti "akunena ena," popeza palibe chomusonyeza kuti kuli ena. Kasitomala wabwino amachoka chifukwa cha zotere, ndipo sakuuzani kuti wachoka. Choncho uthenga wa pabulodikasiti uzidzinena wokha. Yambani ndi "Kwa makasitomala anga nonse," ndipo nkhani za ngongole muzilembera mwini wake mwachindunji.

Msampha wachiwiri ndi waukulu, ndipo ndi umene umachititsa ambiri kunena kuti bulodikasiti siigwira ntchito. Uthenga umafika kwa okhawo amene anaseva nambala yanu m'foni mwawo. Kuti inu munaseva yawo sizikwanira. WhatsApp inachita dala zimenezi pofuna kuti munthu wachilendo asamatumize zotsatsa kwa anthu osamudziwa, ndipo ine ndikugwirizana nazo. Chovuta n'chakuti foni siikuchenjezani. Uthenga umaoneka kuti wapita, inu n'kukhala phee kudikira oda.

Tiyerekeze ndi mayi wa ku Matawale amene ali ndi nkhuku zoyera 100 zimene zakwana masabata 6. Tsiku lililonse limene nkhukuzo zikhale m'khola zikudya chakudya chogula, ndiye ayenera kuzitulutsa msanga. Ali ndi manambala 180 a anthu amene anagulapo. Lachinayi madzulo atumiza uthenga wa mtengo ndi malo otengera. Lachisanu masana oda ndi ochepa, ayamba kudandaula kuti anthu alibe ndalama. Asanadandaule, atsegule mndandanda uja, agwire uthengawo kwa kanthawi, asankhe `Info`. Pamenepo aona mayina atagawidwa: amene awerenga, ndi amene uthenga wawafika koma sanautsegule. Tinene kuti onsewa pamodzi akwana 110. Ndiye kuti anthu 70 sanalandire kanthu, ndipo sakudziwa n'komwe kuti nkhuku zakula.

Mwa anthu 70 amenewa si onse amene sanaseve nambala. Ena foni yazima chifukwa magetsi kulibe, ena bandulo yatha, ena apita kumudzi kumene netiweki imavuta. Kusiyanitsa n'kosavuta. Atsegule macheza a mmodzi mwa iwo, aona uthenga wa bulodikasiti uja uli ndi tiki imodzi yotuwa. Amulembere moni wamba pompo. Moniyo ikalandira matiki awiri pamene uthenga uja ukadali ndi imodzi, foni ya munthuyo ili bwinobwino, kungoti nambala ya mayiyu mulibe. Zonse ziwiri zikakhala pa tiki imodzi, ndiye kuti munthuyo sali pa intaneti, kapena anasiya kugwiritsa ntchito nambalayo, kapena anamubuloka mayiyu.

Kuno kwathu kuli chifukwa china chimene anthu amachiiwala. Ambiri tili ndi masimukadi awiri, ya Airtel ndi ya TNM. Kasitomala amalumbira kuti, "Amayi, nambala yanu ndili nayo," ndipo sakunama. Koma imene ali nayo ndi ya 088 imene mumamuimbira, pamene WhatsApp yanu ili pa 099. Kwa bulodikasiti munthu ameneyu sanakuseveni. Winanso anagula foni ina manambala akale osasamuka, macheza anu amangowazindikira ndi chithunzi chanu. Mankhwala ake ndi ntchito ya manja: pamene mukumupatsa nkhuku, mumupemphe aseve nambala ya WhatsApp yeniyeniyo inu mukuona, ndipo mumufunse ngati akufuna kumalandira mauthenga a malonda. Kwa anthu 70 aja, mayiyu awalembere mmodzimmodzi kamodzi kokha, kuwapempha aseve nambala, kenako atumizenso uthenga wa nkhuku. Zimatenga madzulo amodzi, koma mndandanda wotsalawo umakhala wa anthu ofunadi kumva.

Pa matiki abuluu musadalirepo kwambiri. Munthu amene anazimitsa `Read receipts` saoneka kuti wawerenga uthenga wa bulodikasiti, popeza kwa iye ndi macheza a anthu awiri. M'gulu n'zosiyana: kumeneko `Info` imasonyeza amene wawerenga ngakhale atazimitsa.

Kufunsa munthu musanamuike pamndandanda ndakutchula dala. M'gulu munthu akatopa amatuluka, ndipo kuyambira 2022 amatha kutuluka mwakachetechete, odziwitsidwa n'kukhala maadimini okha. Pabulodikasiti palibe khomo lotulukira, chifukwa wolandira alibe mndandanda woti achokemo. Angakupempheni kuti mumuchotse, koma ambiri amachita manyazi. Chotsala ndi kufufuta nambala yanu kapena kukubulokani, ndipo akakubulokani mwataya ndi njira yomuimbira pa WhatsApp yomwe. Wotumiza zithunzi khumi za kaunjika m'mawa uliwonse akukankhira anthu ku chisankho chimenechi. Mawu amodzi pansi pa uthenga, akuti "ngati simukufuna mauthengawa ndiuzeni ndikuchotseni," amapulumutsa ubale.

Sindikunena kuti magulu ndi oipa. Pali nkhani zimene bulodikasiti ingaziwononge, ndipo apa ndikulankhula ndi makomiti a maukwati, a zamaliro ndi a banki mkhonde. Pamene anthu asonkha ndalama pamodzi, chimene chimawateteza n'chakuti onse akuona mawu amodzimodzi. Msungichuma akalemba m'gulu kuti zasonkhedwa zakuti, amene anapereka dzulo koma dzina lake palibe amafunsa pamaso pa onse, ndipo yankho limamveka kwa onse. Msungichuma yemweyo akamatumiza malipoti pabulodikasiti, palibe angatsimikize kuti mnzake walandira chiwerengero chomwecho, ndipo wodandaula amadandaula yekha kumbali. Ngakhale msungichumayo akhale wokhulupirika chotani, wadziika pamalo oti akayikiridwe. Komanso funso limodzi, loti "galimoto inyamukira pati, pa depoti kapena ku Chinamwali?", aliyankha kambirimbiri m'malo moliyankha kamodzi. Anthu a m'komiti amadziwana kale, ndiye kuonerana manambala si nkhani.

Kwa amene anthu ofuna kumva ndi ochuluka kwambiri, monga mpingo waukulu kapena sukulu, kuli matchanelo amene WhatsApp inayambitsa mu 2023. Munthu amalowa yekha, amatuluka yekha, ndipo otsatira anzake saona nambala yake. Koma mauthenga ake amakhala ku `Updates`, kumene si onse amapitako, ndipo munthu sangayankhe ndi mawu kuti mumusungire nkhuku ziwiri. Kwa wamalonda wamng'ono sindikuona kuti zingalowe m'malo mwa bulodikasiti.

Inu amene mwatopa ndi kudzuka muli m'magulu osawadziwa, pitani ku `Settings`, kenako `Privacy`, kenako `Groups`, musinthe kuchoka pa `Everyone`. Mukasankha `My contacts`, amene simunamuseve sangakuikeni m'gulu mwachindunji, ayenera kukutumizirani pempho loti muvomere nokha. Koma wamalonda amene munamuseva akhozabe kukuikani, ndiye kwa iyeyo sankhani `My contacts except...` n'kuchonga dzina lake. Mauthenga ake a bulodikasiti azikufikanibe, popeza nambala yake ikadali m'foni mwanu.