Turnitin inandipatsa 6 peresenti koma ntchito ija ndinaba

Pali kamkangano kena kamabwera nthawi zonse ikafika nyengo ya ma asayinimenti, wina akuti mnzanga wandibera ntchito, winayo akuti ndionetseni mzere umodzi wokha omwe ndakopera. Mzere osapezeka, nkhani kuthera pompo, wodandaulayo nkumaoneka ngati wansanje. Ine mkangano umenewu ndimaudziwa bwino chifukwa ndinakhalapo mbali ya wakubayo, ndiye mundilole ndinene maganizo anga, amene akwiye akwiye.

Ndili chaka chachiwiri tinapatsidwa funso loti tifotokoze chifukwa chimene nsomba zikuchepera mu nyanja ya Chilwa. Masamba asanu, tsiku lopereka Lolemba. Kalasi yonse inathamangira yankho lomwe lija, kusintha kwa nyengo, kuchuluka kwa asodzi, kudula mitengo mphiri, basi. Inenso ndinali momwemo ndipo pofika Lachisanu ndinali ndi tsamba limodzi lokha lomwe ngakhale mwini wakene sindimafuna kuliwerenga. Loweruka madzulo magetsi atathima ku Chikanda ndinakakhala pakhonde pa achemwali ena a mkalasi mwathu, kwawo nkufupi ndi doko la Kachulu ku Chilwa komweko, akukazinga matemba pa mbaula, ine nkuwafunsa mocheza kuti kodi inu mwalemba zotani. Anandifotokozera zonse, mwinanso mphindi 20, kenako anandionetsa kapepala komwe anakonzerapo ndime zawo, ine nkujambula pa foni ati ndikaone bwino kunyumba.

Mfundo yawo inali yosiyana ndi ya tonsefe. Amati kuuma kwa Chilwa si chinthu chachilendo, nyanjayi ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, imadalira mvula ndi mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndiye mvula ikavuta zaka zingapo motsatizana imaphwa, monga zinachitikira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Choncho funso lenileni si loti nchifukwa chiyani imauma, koma kuti ikauma matemba, makumba ndi milamba zimakabisala kuti. Zimathawira mmaiwe a mmitsinje ndi mmadambo, ndipo ndi zotsala zimenezo zomwe zimadzaswana madzi akabwerera. Ndiye ngati anthu alowa mmaiwe muja ndi katupe, mankhwala ophera nsomba aja, kapena maneti a udzudzu nthawi yachilala, apha mbeu. Ndime yachinayi amayankha munthu amene anganene kuti nanga msodzi adye chiyani nyanja itauma, yomaliza nkunena kuti chitetezo chachikulu chikufunika mmitsinje nthawi yomwe nyanja kulibe, osati panyanja pomwe itadzadza.

Lamulungu ndinakhala pa laputopu tsiku lonse. Sindinakopere chiganizo chilichonse, panalibenso choti nkukopera poti kapepala kaja kanali ndi timitu chabe. Mawu onse anali anga, mabuku ndinakafufuza ndekha, Turnitin nkundipatsa 6 peresenti. Ndinagona mtima uli mmalo.

Apa ndi pomwe ambiri timadzinamizira. Turnitin ntchito yake ndi kufananitsa mawu, imatenga ziganizo zako nkuziyika pambali pa zomwe ili nazo, za pa intaneti, zammabuku ndi mapepala a ophunzira ena, nkukuuza kuti zofanana ndi zochuluka bwanji. Siiwerenga ganizo. Munthu yemwe walemba yekha moona mtima koma wagwira mawu a ena ambiri nkutchula eni ake atha kupeza 25, wina wonyamula mutu wonse wa mnzake nkuuveka malaya ena nkupeza 6 ngati ine. Nambala ija siinena kuti ntchito ndi yako, imangonena kuti mawu sakufanana ndi a wina.

Ndipo mu asayinimenti ngati imeneyi mamakisi ambiri sakhala pa mawu. Kulemba chizungu chosalala aliyense wachaka chachiwiri amatha. Chovuta ndi kusankha kuti pa zinthu 20 zomwe wawerenga utenge ziti, uyambe ndi chiti, chitsanzo ichi chikhale pati, wotsutsa umuyankhe pati. Achemwali aja zinawatengera masabata awiri kuti alitembenuze funso lija, komanso zaka zomwe anakula akuona bambo awo akukoka bwato pamatope. Ine ndinazitenga pa mphindi 20 ndi chithunzi chimodzi. Zili ngati munthu watenga pulani ya nyumba ya mnzake, zipinda, makomo, mazenera zonse pamalo omwewo, nkuumba njerwa zake, kenako nkumalumbira kuti palibe njerwa ya mnzanga pano. Nzoona, palibe. Koma aliyense wolowa mnyumba ziwirizo adziwa kuti anajambula ndi munthu mmodzi.

Madamu otiphunzitsa anadziwa. Anatiyitana tonse awiri ku ofesi, mapepala athu ali pa tebulo, mmbali mwa ndime iliyonse atalemba ndi bolopeni yofiira mzere umodzi wonena zomwe ndimeyo ikukamba. Atayika mizere ija pambali pa inzake inali kuyenda limodzi ngati ana amapasa, yoyamba mbiri ya kuuma, yachiwiri kobisala nsomba, yachitatu katupe, yachinayi nanga msodzi adye chiyani, yachisanu tetezani mitsinje. Mkalasi ya anthu oposa 80 palibe wina anadutsa njira imeneyo. Koma chinandimaliza ndi chaka. Pakapepala kaja achemwali anatembenuza manambala nkulemba 1986 mmalo mwa 1968, iwo polemba zenizeni anakonza, ine ndinanyamula cholakwikacho mmene chinalili. Madamu anangondifunsa kuti, achimwene, buku lomwe lakuuzani kuti Chilwa inauma mu 1986 ndi liti, mundibwereke. Kenako anafunsa chifukwa chomwe ndinayikira za katupe patsogolo pa za njala ya msodzi. Ndinalibe yankho poti sindine ndinaganiza zimenezo. Achemwali atafunsidwa funso lomwelo anayankha osaphethira, kuti wowerenga ayambe waona kuopsa kwake kenako ndiye umumvere chisoni wochitayo.

Ndinayesa kudziteteza ndi mawu omwe ndimawamvabe mpaka pano, akuti ganizo lilibe mwini. Pali kachoonadi pamenepo koma nkamalo ena. Lamulo loteteza zolemba ndi zaluso, lomwe kuno amayang'anira a COSOMA, limateteza mmene munthu walembera, osati ganizo lenilenilo, ndiye achemwali aja sakanandimangitsa. Koma kusukulu mulandu suli woti wadyera mnzako ndalama. Ukalemba dzina lako pamwamba pa pepala ukuuza wokuphunzitsa kuti kuganiza kuli mmenemu ndi kwanga, pomwe si kwanga ndatchula mwini wake. Wonamizidwa ndi iyeyo. Nchifukwa chake ngakhale achemwali akanati tengani achimwene palibe vuto, nkhani sikanatha, ikanangosintha nkukhala yoti awiri agwirizana kupusitsa wachitatu, ndipo iwonso akanalowa mmadzi. Ndipotu anatsala pang'ono kulowa, mpaka ndinachita kutulutsa foni nkuonetsa chithunzi chija ndi tsiku lake kuti zidziwike kuti anayamba ndani.

Tsono wina asamve ngati ndikuti kukambirana nkulakwa. Popanda magulu okambirana ambirife sitikanamaliza sukulu. Komanso si chilichonse chofanana chomwe chili chakuba. Zoti Chilwa inauma mu 1995 si za achemwali, zili mmabuku ndipo agogo aliyense wa pa chilumba cha Chisi pa nyanjapo angakuuzeni, umangotchula buku lomwe wazipeza. Zoti nkhani imayamba ndi mawu otsogolera nkuthera ndi omangira nazonso nza tonse. Funso likati fotokozani zifukwa zitatu kenako mupereke njira zothetsera, mapepala onse 80 aoneka ofanana mafupa ake ndipo palibe wolakwa, dongosololo labwera ndi funso. Ngakhale nkhani ya nsomba kubisala mmaiwe akatswiri anailemba kalekale, achemwali sanaitulukire. Chawo chinali kuitenga kuti ikhale msana wa yankho la funso limeneli, kuitsogoza ndi mbiri ya kuuma, nkuitsekera ndi yankho kwa wotsutsa. Chinthu choti ukanakhala wekha mchipinda ndi mabuku omwewo sukanafikapo, chimenecho chili ndi mwini.

Chomwe chimandiwawa nchoti njira yabwino inalipo ndipo sinali yovuta. Ndikanatha kupita kwa madamu Lolemba mmawa nkunena kuti ganizo ili ndalimva kwa mnzanga, ndingaligwiritse ntchito? Akavomera, ndikanalemba mzere umodzi pansi pa tsamba kuti mfundo yoyang'ana kobisala nsomba ndinaimva kwa uje pokambirana tsiku lakuti. Mu APA, imodzi mwa njira zotchulira komwe watenga mfundo zako, zinthu zomwe wamva pakamwa kapena pa meseji zili ndi katchulidwe kake, umalemba dzina la munthuyo, mawu akuti personal communication, ndi tsiku, mkati mwa ndime momwemo, osaziyika pa mndandanda wa mabuku kumapeto poti wowerenga sangakazipeze. Mamakisi a ganizolo akanapita kwa mwini wake, ine nkupeza a zomwe ndaonjezapo. Kapena ndikanatsutsana nawo, poti nthawi yomwe amafotokoza ija mumtima ndimati koma mitsinjeyo nayonso ikukwiririka ndi dothi lochokera mminda yakumtunda, maiwewo akhalapo mpaka liti? Limenelo linali funso langa ndithu, lobadwa pakhonde pomwe paja, ndipo likanakhala pepala lina losiyana ndi lawo. Ndinalisiya chifukwa linkafuna masiku ena atatu a ku layibulale pomwe chawo chinali chophikaphika.

Ena amati koma ndife Amalawi, timagawana, mutu umodzi susenza denga. Inde. Koma denga likakwera palibe amaima pamsonkhano nkunena kuti ndasenza ndekha. Ndipo onani amene amaberedwa kawirikawiri, ndi aja ofatsa omwe amafotokoza bwino pagulu koma amachedwa kutayipa, mwina alibe laputopu akudikira kubwereka. Wakuba amapereka msanga, wochonga nkuwerenga lake poyamba nkusangalala, pofika pa la mwini wake likuoneka ngati lobwereza.

Ine anandipatsa ziro pa asayinimenti ija, nkundiuza kuti ndithokoze kuti sizinapite patali. Achemwali anapeza 74. Semesita yonse yotsala timakhalabe gulu limodzi, moni amandipatsa bwinobwino, koma ndikangofika pomwe akufotokozera anzathu kanthu amatembenuza kope lawo chafufumimba nkuyamba kufunsa za mtengo wa makala ku Mpondabwino.